Sabuside ya feteleza: nanga wolembawe ukuti bwanji?

Ndiyamba ndi kukuwerengerani kandime kena kakafupi, ndipo ndikupempha kuti mukamvetsere mpaka kumapeto.

“Ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ili ndi ubwino wake komanso zovuta zake. Ena akuti yathandiza alimi ang'onoang'ono kukolola chakudya chokwanira. Ena akuti imadya ndalama zambiri za boma. Pali amene akufuna kuti ipitirire, palinso amene akufuna kuti ithe. Mbali zonse zili ndi mfundo zomveka. Choncho m'pofunika kuti onse okhudzidwa akhale pansi n'kukambirana, kuti papezeke njira yokomera aliyense.”

Kandimeka ndakalemba ndekha, potsata kalembedwe kamene tonse timakadziwa. Timakapeza m'malipoti a m'maofesi, m'zimangirizo za ana a sukulu, m'ndemanga za m'nyuzipepala, ngakhale pa wailesi pomwe pano. Mulibe bodza ngakhale limodzi. Palibe amene angakwiye nako, kaya ndi mlimi wa ku Kasungu, kaya ndi nduna, kaya ndi wogulitsa feteleza. Koma ndikufunseni inu amene mwakamva: mwadziwapo chiyani chimene simunkachidziwa m'mawa uno? Mukanakhala phungu amene mawa akavomereza ndondomeko ya zachuma ku Nyumba ya Malamulo, kandimeka kakanakuthandizani kukweza dzanja kapena kulitsitsa?

Pali njira yosavuta yodziwira kuti chidule chili chopanda kanthu. Chotsani mawu akuti feteleza wotsika mtengo, muikepo fodya. Werenganinso. Chikumvekabe bwino. Chotsani fodya, muikepo njinga zamoto za kabaza m'tauni, kapena kuletsa majumbo opyapyala. Musintha mawu awiri kapena atatu okha, zina zonse zikhala momwemo. Kandime kokwanira pa nkhani iliyonse sikananene kanthu pa nkhani imene kakulembedwera. Chizindikiro china ndi mawu aja akuti “ena akuti”. Enawo ndani? Ndi angati? Akunena zimenezo ataona chiyani? Wolemba akapanda kuyankha, ndiye kuti mwina sanafufuze, kapena anafufuza koma akuopa kuti akatchula zimene anapeza, zioneka poyera kuti mbali imodzi ndi yolemera kuposa inzake.

Sindikunyoza anthu olemba motere, chifukwa kalembedweka kali ndi kochokera. Akuluakulu amene mukundimvera mukukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kumangidwa osazengedwa mlandu chifukwa cha mawu amene anayankhula pa basi kapena pa mowa. Masiku amenewo kusaonetsa mbali kunali kusunga moyo. Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, imene inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, chimene chinagwedeza anthu sichinali chakuti ananena zachinsinsi ayi. Za malipiro ochepa, za kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, aliyense ankazidziwa. Chachilendo chinali chakuti anazitchula mayina ake, n'kunena kuti zimenezi si zabwino, n'kusainira pansi. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, tinaponya voti ya riferendamu. Lero malamulo aakulu a dziko lino amateteza ufulu wokhala ndi maganizo ndi wowanena, koma dzanja la ambiri a ife likulembabe ngati kuti wina wakhala kuseri kwa chitseko. Onjezanipo ulemu umene tinakula nawo, woti mwana satsutsa wamkulu pagulu, komanso mantha a masiku ano oti ukanena kanthu pa sabuside anthu akuveka nsalu ya chipani. Zonsezi zimatikankhira ku kandime kaja.

Komatu kwathu kuno sitinazolowere milandu yosagamulidwa. Pa bwalo, mfumu imamva wodandaula mpaka amalize, imamva woyankha mpaka amalize, imafunsa mboni, imakambirana ndi nduna zake. Kumva mbali zonse ndi lamulo, ndipo mfumu yodumpha lamulo limeneli anthu amaitaya. Koma ikamva zonse imagamula: malire a munda adutsa apa, mbuzi ilipidwe ndi uje. Itati ingonena kuti nonse muli ndi mfundo, pitani mukakambirane, anthu angabwerere kwawo akudziwa kuti mlandu wawo sunamvedwe. Kusakondera ndi mmene umamvera mlandu. Sikutanthauza kuti pomaliza usanene chimene wapeza.

Ndisanapitirire, ndinene malo amene maganizo a wolemba safunika. Mtolankhani amene akulemba nkhani yowerengedwa pa nthawi ya nkhani auze anthu zimene zachitika, amene wanena ndi zimene wanena, basi. Mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi akamalemba maminitsi, alembe zimene anthu ananena ndi zimene anagwirizana, osati zimene iye akanakonda. Zimene ndikukamba lero ndi zolemba zimene munthu wakupempha kuti umuthandize kuganiza: ndemanga, lipoti lopita kwa bwana amene ayenera kusankha chochita, chimangirizo chofunsa kuti kambiranani, nkhani ngati ino. M'zolemba zotere, ukabisa maganizo ako ndiye kuti wasiya ntchito ili pakati.

Tsono tiyeni tikatenge kandime kaja tikakonze pamodzi.

Ntchito yoyamba si kulemba maganizo ayi. Ndi kupeza funso. Kandime kaja kakuyankha funso lakuti, kodi sabuside ndi yabwino kapena yoipa? Funso limeneli n'lotakata kwambiri moti yankho lake loona ndi lija lopanda kanthu, lakuti ili ndi ubwino ndi zovuta. Chilichonse padziko chili choncho. Funso lothandiza ndi limene munthu wina ayenera kuliyankha ndi zochita. Mwachitsanzo: pa ndalama zimene boma lili nazo za ulimi, kodi gawo lalikulu lizipitabe ku matumba awiri a feteleza pa banja, kapena lichepe kuti zina zipite kwina? Funso ili simungaliyankhe ndi “ena akuti”. Likukakamizani kutsegula mabuku.

Mukatsegula mabuku, ikani dzina, chaka ndi nambala pamalo pa “ena” aliyense. Tiyambe ndi mbali yoyamikira. Chaka cha 2005 mvula inadula pakati, dziko linakolola chimanga chokwana matani pafupifupi 1.2 miliyoni, chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene timadya pa chaka, ndipo anthu mamiliyoni anafunika thandizo la chakudya. Boma la malemu Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi m'nyengo ya 2005/06: thumba limodzi la feteleza wokulitsa, lina la wobereketsa, lililonse la makilogalamu 50. Malinga ndi ziwerengero za boma, zokolola zinafika matani pafupifupi 2.6 miliyoni mu 2006, n'kupitirira matani 3 miliyoni mu 2007, chaka chimene tinagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mwaona kusiyana kwake? Tsopano mbali yoyamikira ili ndi mafupa. Munthu angathe kuigwira n'kuiyesa.

Ndipo kuiyesa ndiko kukubwera. Zaka ziwiri zimenezo mvula inagwanso bwino. Ndiye pa chimanga chinawonjezekacho, chochuluka bwanji chinabwera ndi feteleza, chochuluka bwanji ndi mvula? Wolemba woona mtima sangalumphe funso limeneli. Sangalumphenso mfundo yakuti kumayambiriro kwa 2008 mtengo wa chimanga unakwera kwambiri m'misika, zimene zinachititsa akatswiri ena a zachuma kukayikira ngati zokolola zinalidi zochuluka monga zinalengezedwera. Izi sizikufafaniza ubwino wa makuponi. Zikungochepetsa kukula kwa zimene tinganene molimba mtima.

Tipite ku mbali yodandaula. Mawu akuti “imadya ndalama zambiri” akhale ndi nambala. M'nyengo ya 2008/09, pamene mtengo wa feteleza unakwera pa dziko lonse lapansi, ndondomekoyi inatenga pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya dziko. Mu 2020 boma la a Lazarus Chakwera linaikulitsa n'kuitcha AIP, thumba likugulidwa pa K4,495, mabanja olembedwa ali pafupifupi 3.7 miliyoni, ndalama zoikidwa pambali zili pafupifupi K160 biliyoni. Werengani nokha: mabanja 3.7 miliyoni, matumba awiri aliyense, makilogalamu 50 pa thumba, akukwana matani 370,000 a feteleza woti agulidwe kunja ndi ndalama zakunja, adutse pa madoko monga Beira ndi Nacala, afike ku Chitipa ndi ku Nsanje mvula isanayambe. M'nyengo zotsatira mtengo wa mlimi unakwera kufika K7,500, kenako K15,000, ndipo chiwerengero cha olandira chinatsika.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimakonda kumutchula pa nkhani imeneyi, chifukwa amaonetsa mmene nambala imodzi ingasinthire mkangano. Mu 2011 a Jacob Ricker-Gilbert, a Thomas Jayne ndi malemu Pulofesa Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College anafalitsa zimene anapeza pa funso ili: kodi feteleza wa makuponi amawonjezeradi feteleza m'minda, kapena amangolowa m'malo mwa amene mlimi akanagula yekha? Anapeza kuti pa makilogalamu 100 aliwonse a makuponi, pafupifupi 22 ankangolowa m'malo mwa ogula ndi ndalama za m'thumba. Kwa alimi osaukitsitsa nambalayo inali yotsikirapo, pafupifupi 18, ndipo kwa opezako bwino inali pafupifupi 30. Taonani zimene nambala imeneyi ikuchita. Kwa amene amati sabuside yonse ndi kutaya ndalama, ikuwayankha kuti ayi, gawo lalikulu linali feteleza watsopano amene sakanafika m'munda. Kwa amene amati aliyense alandire, ikuwayankha kuti mukamakulitsa kaundula kufika kwa opezako bwino, ndalama zambiri zimangolipirira munthu chimene akanagula yekha. Chidule chija chinaika mbali ziwirizi moyang'anizana ngati kuti palibe chimene chingaweruze pakati pawo. Chinalipo, wolemba sanangochifuna.

Tsopano tafika pamene ambiri amabwerera m'mbuyo, pofunika kuyeza. Mfundo zonse zimene tasonkhanitsa sizolemera mofanana pa funso lathu lija. Wolemba adzifunse kuti, mwa zonsezi, ndi iti imene ndikaichotsa yankho langa lisintha? Kwa ine ndi iyi. Mu 2016, patatha zaka khumi makuponi akugawidwa chaka ndi chaka, chilala cha El Nino chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya. Mu Marichi 2024, El Nino atabweranso, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Feteleza amagwira ntchito pamene pali chinyezi. Mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikumasula, thumba lija lapita pamodzi ndi ndalama zake. Ndiye kuti ndondomekoyi imatithandiza kwambiri chaka chimene zinthu zili bwino kale, n'kutisiya chaka chimene tikufuna thandizo koposa. Mfundo imeneyi ndi imene ikukoka maganizo anga, ndipo ndiyenera kumuuza wowerenga kuti ndi imeneyi, kuti ngati akufuna kunditsutsa adziwe pomenya.

Yachiwiri kulemera kwake ndi nthawi. Mlimi aliyense akudziwa kuti wokulitsa amathira pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa amatsatira pakatha milungu itatu kapena inayi. Thumba lofika mu Januwale kwa munthu amene anabzala kumapeto kwa Novembala boma lalipira mtengo wonse, koma munda ulandira phindu lochepa. Zaka zambiri takhala tikumva pa wailesi alimi akugona pa madepoti chimanga chili m'mawondo. Choncho pokamba za sabuside, funso lakuti matumba angati ndi laling'ono poyerekeza ndi lakuti afika liti.

Ndiye kandime kathu katsopano kangamveke motere.

“Makuponi a feteleza, amene anayamba m'nyengo ya 2005/06, anathandiza kukweza zokolola za chimanga m'zaka za mvula yabwino, ndipo feteleza wambiri amene anagawidwa sakanafika m'minda popanda iwo. Koma njala ya 2016 ndi ya 2024 yaonetsa kuti sateteza dziko pa chaka cha chilala, ndipo akafika mochedwa phindu lake limatsika pamene mtengo wake sutsika. Poona zimenezi, ine ndikuti ndondomekoyi isathe, koma ichepe: ipite kwa mabanja amene ali ndi munda ndi mphamvu zolima koma sangathe kugula okha, ifike Okutobala asanathe, ndipo ndalama zotsalazo ziikidwe poyera ku ulimi wothirira, kwa alangizi ndi kukonza nthaka. Chovuta chachikulu pa maganizo angawa n'chakuti banja lochotsedwa m'kaundula limva ululu chaka chomwecho, pamene phindu la damu kapena ngalande limadza patapita zaka.”

Mwina simukugwirizana nane, ndipo ndi bwino kutero. Koma taonani kuti tsopano muli ndi chinthu choti musagwirizane nacho. Mlimi wa ku Mchinji angandiimbire n'kunena kuti, bambo inu, Okutobala n'kuchedwa kale. Katswiri wa zachuma angati, kuchepetsa sikukwanira, ithe basi. Mkangano wayamba kuyenda. Kandime koyamba kaja palibe akanakaimbira foni.

Ndikufuna ndikhalitse pa chiganizo chomaliza chija, chonena za banja lochotsedwa m'kaundula, chifukwa m'pamene pagona kuona mtima. Munthu akayamba kulemba maganizo ake, chiyeso chimakhala chosankha mfundo yofooka ya mbali inayo kuti aigwetse mosavuta. Ndikanatha kulemba kuti ofuna sabuside yaikulu amangofuna mavoti. Ena mwina ndi otero, koma si mfundo yawo yamphamvu. Yamphamvu ndi ya mayi wamasiye amene ali ndi ekala imodzi, amene matumba awiriwo ndiwo amasiyanitsa kudya mpaka Febuluwale ndi kuyamba ganyu mu Novembala, kusiya munda wake kukapalira wa ena. Mayi ameneyu sangadye ngalande imene idzakumbidwe zaka zitatu zikubwerazi. Ndipo angandifunse funso lina lovuta kwambiri: mukachotsa ndalama pa thumba langa, mukutsimikiza bwanji kuti zikafikadi ku damu, osathera m'misonkhano ndi m'maalawansi? Thumba amaliona ndi maso, amalinyamula pamutu. Lonjezo la ulimi wothirira walimva kambiri. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo ndi chifukwa chake m'kandime kanga ndanena kuti ichepe osati ithe, ndi kuti ndalama zotsalazo ziikidwe poyera. Mbali inayo yasintha maganizo anga, ndipo wowerenga akuona pamene yawasinthira. Muyeso wake ndi uwu: munthu wa mbali imene mukuitsutsa akawerenga mmene mwafotokozera mfundo yake, avomere kuti inde, ndi zimene ndikunena. Akati mwandinamizira, bwererani mukalembenso.

Chinanso chimene maganizo oona amakhala nacho ndi khomo lotulukira. Wolemba anene chimene chingamusinthe. Ine ndingati: mutandionetsa kuti zaka zingapo zotsatizana feteleza wafika kwa alimi ambiri mvula isanagwe, ndipo ndalama za alangizi ndi za ulimi wothirira sizinachepe chifukwa cha iye, ndidzachepetsa kudandaula kwanga. Munthu amene palibe umboni uliwonse umene ungamusinthe sakukuuzani zimene wapeza. Akukuuzani mbali imene ali.

Tsono pali njira zingapo zimene ntchito imeneyi imalakwikira, ndipo zina n'zoipa kuposa kandime kopanda kanthu kaja.

Yofala kwambiri ndi yomata. Munthu wauzidwa kuti chidule chako chilibe maganizo, ndiye akusiya zonse momwe zinalili n'kuwonjezera mzere umodzi pansi: “Ine ndikuona kuti ndondomekoyi ipitirire.” Chifukwa chiyani? Palibe. Pamwamba mbali ziwiri zija zikadali zofanana ndendende, ndiye maganizowo achokera kuti? Mungawazindikire mosavuta: sinthani mzerewo unene kuti ithe, muone ngati pali china m'kandimemo chimene chikufunika kusintha. Ngati palibe, maganizowo ndi omata. Maganizo enieni amasintha kandime konse. Amasankha chiti chiyambe, chiti chipatsidwe mizere isanu, chiti chipatsidwe umodzi, chiti chisiyidwe chifukwa sichikukhudza funso.

Ina ndi yokweza mawu. Wolemba akuganiza kuti kukhala ndi maganizo ndi kupsa mtima, ndiye akulemba kuti sabuside ndi umbava wokhawokha, kapena kuti ndi mpulumutsi wa Amalawi. Umboni umene tauona uja sukufika pamenepo mbali iliyonse. Kukula kwa mawu kufanane ndi kukula kwa umboni. Pamene mukutsimikiza, nenani mosazungulira: thumba lofika mochedwa limataya phindu. Pamene umboni uli wogawikana, monga pa gawo la mvula ndi gawo la feteleza m'zokolola za 2006 ndi 2007, nenani kuti apa akatswiri sanamvane, ndipo fotokozani chimene akusiyanirana. Kunena malo enieni amene pali chikayiko n'kosiyana kwambiri ndi kuphimba nkhani yonse ndi chikayiko.

Koma imene imandidetsa nkhawa koposa ndi yobisa. Wolemba ali ndi mbali, koma m'malo moinena akuilowetsa m'mawu ang'onoang'ono, nkhope ili ngati ya munthu wosakondera. Mbali imene akuikonda akulemba kuti “akatswiri atsimikiza”. Mbali inayo akulemba kuti “ena akungoti”. Uyu “waulula”, uyo “wadandaula”. Mbali yake akuipatsa manambala, inayo akuisiya ndi mawu okha. Mbali yake akuiika pomaliza kuti ikhale yotsala m'khutu. Wowerenga akutuluka atakokedwa, osadziwa kuti wakokedwa. Kumeneku ndi kunama, ngakhale chiganizo chilichonse pachokha chili choona. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti pakhale malire oonekera. Zimene zinachitika zilembedwe m'mawu amene mbali zonse zingavomere. Kenako pabwere mawu akuti “poona zimenezi, ine ndikuti”, kuti wowerenga adziwe kuti kuyambira apa akumva munthu, ndipo ali ndi ufulu wotenga mfundo zija n'kufika kwina. Ngati wolembayo ali ndi phindu m'nkhaniyo, anene. Wogulitsa feteleza ali ndi ufulu wolemba za sabuside, mwinanso akudziwa zambiri za madoko ndi malole kuposa ife, koma atiuze kuti amagulitsa feteleza.

Nkhani ya sabuside ndi ya mtundu umene anthu anzeru ndi a mtima wabwino angasiyane atawerenga mabuku omwewo, chifukwa pansi pake pali kusankha pakati pa njala ya chaka chino ndi njala ya zaka zikubwera. Si nkhani zonse zili choncho. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munthu atalemba kuti ena akuti kolera imafala ndi madzi ndi chakudya choipitsidwa, ena akuti ndi matsenga, mbali zonse zili ndi mfundo, ameneyo sanachite chilungamo. Waika moyo wa wowerenga pangozi pofuna kuoneka wofatsa. Pamenepo ntchito ndi kunena zoona mosabisa, kuti wodwala amwe madzi a thanzi ndipo athamangire naye kuchipatala, kenako kufotokoza mwaulemu chifukwa chimene anthu ena amakhulupirira zina, kuti tidziwe mowafikira. Choncho musanayambe kugawa mizere mofanana, dzifunseni ngati mkanganowo uli pa zimene zinachitika kapena pa zimene tiyenera kusankha. Pa zimene zinachitika, umboni ndiwo ulamule kukula kwa mbali iliyonse. Pa zimene tiyenera kusankha, mbali iliyonse imveke mokwanira, kenako wolemba aime poyera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli m'maofesi momwe bwana anangoti, ndilembere chidule cha malipoti awa, ndipo mukuopa kuti mukaikapo maganizo mudzaoneka odzikweza. Njira ilipo yosaphwanya ulemu. Lembani chidulecho mokhulupirika, ndi mayina, zaka ndi manambala m'malo mwa “ena akuti”. Zimenezo zokha zichotsa theka la kupanda kanthu kuja, chifukwa manambala akaikidwa pamodzi amayamba kuonetsa okha kolemera. Kenako pansi pake, pa ndime yakeyake, lembani kuti: mwa njira zitatu zimene malipotiwa akutchula, ine ndikuona kuti yachiwiri ndiyo ingatheke chaka chino, pa chifukwa ichi, choopsa chake ndi ichi, ndipo tisanasankhe ndi bwino titafunsa ofesi ya zaulimi ya boma lathu kuti feteleza wa chaka chatha anafika mwezi uti m'madepoti. Mizere inayi kapena isanu yakwana. Bwana akafuna angaidule, chidule chake chikhalabe chathunthu. Koma kawirikawiri amene wawerenga malipoti onsewo mpaka kumapeto ndi inu nokha m'ofesimo, ndipo ndime imeneyo ndi imene bwanayo adzayambe kuwerenga akamalowa mu msonkhano.